Mtengo wa yureniyamu ndi shuga ukakwera, sheya nayo ikwera? Nkhani ya Kayelekera ndi Illovo

Kumayambiriro kwa 2024 ndinalandira funso lomwe limabwera pafupipafupi pa ntchito yanga yolangiza anthu za masheya, kungoti ulendo uno linakhudza makampani awiri nthawi imodzi. Ofunsawo ndi bambo ena akumudzi konkuno amene amagwira ntchito ku Joni, anali ndi ndalama yomwe anasunga ndipo amafuna ayigawe pawiri, theka agule masheya a Lotus Resources, kampani ya ku Australia yomwe inagula mgodi wa yureniyamu wa Kayelekera ku Karonga, theka linalo agule Illovo pa msika wa masheya wa ku Blantyre. Maganizo awo anali omveka ndithu: yureniyamu anali atangodutsa madola 100 pa paundi mu Januwale 2024, shuga naye pa msika wa ku New York anali atafika cha m'ma masenti 28 pa paundi mu Novembala 2023, nde amati katundu akakwera mtengo ndiye kuti eni ake a katunduyo adya bwino, ineyo ndikagula sheya ndidya nawo.

Mtengo wa katundu ndi sheya zimayenderana inde, koma pakati pake pali zinthu zomwe ndalama imadutsamo isanafike kwa inu, ndipo pa makampani awiriwa zinthuzo ndi zosiyana kwambiri. Ndinayamba ndi mgodi chifukwa Kayelekera ali kale ndi mbiri yake yonse, yokwera ndi yotsika yomwe, sitichita kuganizira.

Mgodiwu anamanga ndi a Paladin Energy, unatsegulidwa mu 2009, Paladin inali ndi 85 peresenti boma la Malawi 15 peresenti. Maganizo omanga anapangidwa nthawi imene yureniyamu anali pamwamba zedi, mu Juni 2007 anafika cha m'ma madola 136 pa paundi ndipo sheya ya Paladin chaka chimenecho inadutsako madola 10 a ku Australia. Pofika kumayambiriro kwa 2011 yureniyamu anali cha m'ma madola 70, sheya cha m'ma madola 5. Kenako pa 11 Malichi 2011 chivomezi ndi madzi osefukira a m'nyanja zinawononga malo opangira magetsi a nyukiliya ku Fukushima ku Japan. Japan inazimitsa makina ake a nyukiliya amodziamodzi mpaka pofika Meyi 2012 panalibe olo amodzi ogwira ntchito, Germany nayo inalengeza kuti isiya nyukiliya. Makina amenewa ndi omwe amagwiritsa ntchito yureniyamu, nde ogula anachepa, katundu anadzadza pa msika.

Apa ndi pomwe ndimafuna anthu ayang'anitsitse. Pomatha 2011 yureniyamu anali cha m'ma madola 52, kutanthauza kuti anatsika ndi pafupifupi kota basi. Sheya ya Paladin inali itatsika kufika pansi pa madola awiri, kupitirira magawo awiri mwa atatu a mtengo wake atapita. Bwanji katundu atsike ndi kota koma sheya igwe chonchi?

Ndinawapangira masamu awa, ndipo manambala ake ndawazunguliza dala kuti asavute, ndi oyandikana ndi kukula kwa Kayelekera koma musawatenge ngati ochokera m'mabuku a kampani. Tinene kuti mgodi ukutulutsa mapaundi 3 miliyoni pa chaka, ndipo kukumba, kugaya ndi kuyenga paundi imodzi kukudya madola 40. Mukagulitsa pa 70, pa paundi iliyonse patsala 30, pa chaka ndi madola 90 miliyoni. Mtengo ukatsika kufika 50 patsala 10 yokha, pa chaka 30 miliyoni. Mtengo watsika ndi 29 peresenti koma zotsala zija zatsika ndi 67 peresenti, chifukwa dizilo, malipiro a antchito, mankhwala oyengera ndi mathiraki sizinatsike nawo, izozo sizidziwa kuti ku Japan kwachitika ngozi. Tsopano wonjezerani ngongole. Tinene kuti chiwongola dzanja chokha chikudya 30 miliyoni pa chaka, ndiye kuti pa mtengo wa 70 eni masheya atsala ndi 60 miliyoni, pa mtengo wa 50 atsala chimanjamanja, ndipo mtengo ukafika 35 mgodiwo ukuluza 15 miliyoni pawokha, kuphatikiza chiwongola dzanja chija ndi 45 miliyoni yoti ichoke kwina. Zili ngati mlimi amene feteleza ndi mbewu anatenga pa ngongole, chimanga chikatsika mtengo pang'ono wangongole amatenga zake zonse osachotsera, chomwe chimatha ndi gawo la mlimiyo. Mwini sheya ndi amene amadya pomaliza, nde kukwera kumamukomera kwambiri, kutsika nako kumayambira pa iye.

Kayelekera anali mgodi wodula kuyendetsa ndipo zifukwa zake zimaoneka ndi maso. Magetsi a ESCOM sanafikeko nthawi imeneyo, fakitale yonse imayendera majenereta a dizilo usana ndi usiku. Dizilo ndi mankhwala zimabwera pa msewu kuchokera kutali, ndipo katundu akayengedwa nkukhala ufa wachikasu, amaikidwa m'migolo nkuyenda pa thiraki kudutsa Zambia mpaka ku doko la Walvis Bay ku Namibia. Migodi ya ku Kazakhstan, komwe kumachokera yureniyamu wambiri pa dziko lonse, sakumba dzenje ngati kuno, amapopera mankhwala pansi nkukoka madzi okhala ndi yureniyamu, ndipo zimatchipa kwambiri. Mtengo ukatsika iwowo amapitiriza kupanga phindu pomwe mgodi ngati Kayelekera wayamba kale kuluza. Nchifukwa chake funso langa loyamba pa kampani iliyonse ya migodi silikhala lakuti mtengo uli pati lero ayi, limakhala lakuti paundi imodzi imawadyera zingati ndipo anzawo imawadyera zingati.

Mu Febuluwale 2014 Paladin inalengeza kuti ikuimitsa ntchito ku Kayelekera nkumangousamalira mgodiwo, yureniyamu ali cha m'ma madola 35, ndipo pakati pa chaka chomwecho anatsika kufika pansi pa 30. Anthu ambiri a ku Karonga ntchito inawathera pamenepo. Koma chomwe chinamaliza eni masheya si kutsekedwa kwa mgodiwu ayi, ndi ngongole. Paladin inamanga Kayelekera ndi mgodi wake wina wa Langer Heinrich ku Namibia ndi ndalama zobwereka, mabondi a madola mamiliyoni mazanamazana, ndipo mu 2012 inalandiriratu madola 200 miliyoni kwa EDF, kampani ya magetsi ya ku France, ngati malipiro a katundu woti idzapereke mtsogolo. Mu 2014 inagulitsa 25 peresenti ya Langer Heinrich kwa kampani ya boma la China ya CNNC kuti ipeze popumira. Sizinakwanire, yureniyamu anafika cha m'ma madola 18 kumapeto kwa 2016, EDF inafuna ndalama zake, mu Julayi 2017 kampani inaperekedwa m'manja mwa oyendetsa makampani olephera kubweza ngongole. Pomatuluka mmenemo mu Febuluwale 2018, 98 peresenti ya masheya inachotsedwa kwa eni ake akale nkupita kwa angongole ndi ena obweretsa ndalama. Amene anali ndi masheya 10,000 anatsala ndi 200.

Izi zimandiwawa ndikamazifotokoza chifukwa munthu amene anagula mu 2010 nkumati yureniyamu adzakweranso, ananena zoona, anakweradi mpaka kudutsa 100. Koma iyeyo sanadye nawo, kampani inapulumuka koma masheya ake ndi omwe sanapulumuke. Ngongole imakhala ndi tsiku lake lobweza ndipo siidikira kuti mtengo ubwerere. Nde mukatsegula lipoti la pachaka la kampani ya migodi, pitani kaye ku tsamba la ngongole muone kuti ndi zingati, zibwezedwe liti, ndipo ndalama ili ku banki ingawafikitse miyezi ingati ngati mtengo utakhala pansi chonchi osasintha.

Kanthu kena kakang'ono kwa amene mufune kuziona nokha pa tchati. Pa msika wa masheya wa ku Australia, ASX, Paladin imalembedwa PDN, ndipo mu Epulo 2024 anaphatikiza masheya 10 kukhala imodzi, nde matchati ambiri mitengo yakale anaichulukitsa kuti igwirizane ndi zimenezo. Manambala omwe muone kumeneko asiyana ndi omwe ndatchula pano, musadabwe.

Lotus nkhani yake inali yosiyana mbali imodzi. Iwowa anagula gawo la Paladin mu Kayelekera mu 2020 pa mtengo wozizira, cha m'ma madola 5 miliyoni a ku Australia ndipo zambiri zinali masheya osati kashi, kuphatikizapo malonjezo ena olipira mtsogolo. Analibe chimtolo cha ngongole ngati cha Paladin. Koma mu Febuluwale 2024, nthawi yomwe bambowa amafunsa, Lotus inali isanagulitseko olo paundi imodzi, mgodi unali chiimire. Kampani yotere sheya yake imayendera chiyembekezo chokhachokha, ndipo ndalama zodzutsira mgodi zimayenera zichoke penapake, kaya ngongole kaya kusindikiza masheya atsopano. Akasindikiza atsopano gawo lanu limachepa, ndipo nthawi zambiri amawagulitsa pa mtengo wotsikirapo kuposa wa pa msika kuti makampani akuluakulu agule, nde mtengo wa pa msika nawo umatsatira pansi.

Ndinawauzanso kuti madola 100 omwe amamva pa nyuziwo ndi mtengo wa msika wa pompopompo, womwe amalengeza a UxC ndi a TradeTech, makampani otsata mitengo ya yureniyamu. Yureniyamu wambiri sagulitsidwa kumeneko, makampani a magetsi amagula pa makontirakiti a zaka zingapo ndipo mtengo wake nthawi imeneyo unali wotsikirapo ndithu. Msika wa pompopompo ndi waung'ono, ogula ochepa akhoza kuukweza msanga komanso umatsika msanga.

Malangizo anga anali oti ngati akufunadi, asaike theka la ndalama zawo ayi, aike kagawo koti katatha sangagone ndi njala, ndipo adikire kaye kampani ilengeze komwe itenge ndalama zodzutsira mgodi. Zomwe zinatsatira ndi izi: mu Okutobala 2024 Lotus inagulitsa masheya atsopano a madola pafupifupi 130 miliyoni a ku Australia pa masenti 25 imodzi, pomwe miyezi ingapo m'mbuyomo sheya inali itadutsa masenti 40. Yureniyamu anatsika kufika cha m'ma madola 65 mu Malichi 2025, ndipo sheya inali itataya kupitirira theka la mtengo wake wa pamwamba uja. Mgodi unayambadi kutulutsa katundu mu Ogasiti 2025, ntchito inayenda, koma amene anagula pa chisangalalo cha madola 100 anali atadutsa kale m'zowawa. Paladin nayo, yomwe inadzutsa Langer Heinrich mu 2024, mu Novembala chaka chomwecho inalengeza kuti itulutsa katundu wochepa kuposa yemwe inalonjeza ndipo sheya inagwa kupitirira 20 peresenti tsiku limodzi, yureniyamu asanasunthe nkomwe. Mtengo olo ukhale wabwino bwanji umachulukitsidwa ndi mapaundi omwe atulukadi pa geti.

Tsopano Illovo. Apa vuto la bambowa linali lina, amayang'ana mtengo wolakwika. Shuga wa ku Nchalo ndi Dwangwa wambiri amagulitsidwa mommuno mu makwacha, ndipo kulowetsa shuga wakunja kumafuna chilolezo cha boma, nde mtengo wa paketi mu golosale sutsatira New York tsiku ndi tsiku. Mtengo wa kunja umakhudza gawo lomwe amatumiza kunja, komanso umalowera pakhomo la kuseri: shuga akatchipa ku Mozambique ndi Zambia kuposa kuno, wozembetsa amadzadza m'misika ya m'malire ndipo wa Illovo amakhala m'nkhokwe osayenda. Zimenezi zinawavuta kwambiri cha m'ma 2019 ndi 2020, nthawi yomwe shuga pa dziko lonse anali pansi, mu Epulo 2020 anafika cha m'ma masenti 9. Msika wa ku Ulaya womwe kale umagula shuga wathu pa mtengo wapamwamba nawo unali utasintha, kuyambira pomwe anachotsa malire a shuga yemwe alimi awo angapange kumapeto kwa Seputembala 2017. Chaka chothera Ogasiti 2020 phindu la Illovo linali losakwana K3 biliyoni ndipo sheya inatha chaka chimenecho cha m'ma K80.

Kuchoka apo zinasintha msanga. Phindu linadutsa K20 biliyoni mu 2021 nkufika cha m'ma K56 biliyoni mu 2023, sheya inali K540 pomatha 2022 ndipo pomatha 2023 inali cha m'ma K1,260. Munthu akaika tchati chimenechi pambali pa cha shuga wa ku New York amaona ngati zikuyendera limodzi, nkumati umboni ndi umenewu. Koma zaka zomwezo kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zinthu zonse zimakwera mtengo m'dziko muno ndipo paketi ya shuga imakwera nawo. Kwacha ikafooka shuga wakunja amadula, wozembetsa amachepa, mwinanso wathu ndi amene amayamba kutuluka. Chomwe chimakoka phindu kwambiri chinali mtengo wa mommuno ndi kwacha.

Kwa munthu amene amalandira malipiro mu marandi kapena madola, masamu ake ayenera kukhala a ndalama yomwe amagwiritsa ntchitoyo. K540 pomatha 2022, dola ili cha m'ma K1,030 ku banki, ndi masenti 52. K1,260 pomatha 2023, dola ili cha m'ma K1,700, ndi masenti 74. Mu makwacha sheya inakwera ndi 133 peresenti, mu madola ndi cha m'ma 41 peresenti. Ndi phindu labwinobe, koma si lomwe limaoneka pa tchati, ndipo uku tikuwerengera mtengo wa ku banki komwe dolayo kuti muyipeze pofuna kutulutsa ndalama zanu ndi nkhani ina.

Pali chinthu china m'mabuku a makampani a ulimi chomwe ambiri sachidziwa ndipo chimasocheretsa. Malamulo a akawunti amafuna kuti nzimbe yomwe ili m'munda, yosadulidwa, iwerengeredwe mtengo pa tsiku lotseka mabuku, kwa Illovo ndi pa 31 Ogasiti. Powerengera amatengera mtengo womwe akuyembekezera kudzagulitsira shuga wa mu nzimbeyo. Nde shuga akakwera mtengo, nzimbe ili m'munda ija nayo imakwera pa pepala ndipo kusiyanako kumalowa mu phindu la chaka chimenecho, ndalama isanalowe olo tambala. Si chinyengo ayi, ndi mmene lamulo lilili, koma nzimbeyo ikhoza kudzakokoloka kapena kudzatuluka ndi shuga wochepa. Ine ndimachotsa mzere umenewo pa phindu kenako nkufananiza chotsalacho ndi tsamba loonetsa kashi yomwe yalowadi kuchokera ku malonda. Ziwirizi zikatalikirana kwambiri zaka ziwiri zotsatizana, ndimafuna ndimve chifukwa chake ndisanauze munthu kuti agule.

Ndipo munda umasiyana ndi mgodi pa nkhani ya kuchuluka kwa katundu. Mgodi mukhoza kuuimitsa zaka khumi miyala ikudikirani pansi ngati mmene zinakhalira ku Kayelekera, koma nzimbe ndi ya chaka ndi chaka, imafuna madzi pa nthawi yake. Ku Nchalo amathirira ndi madzi opopa mu Shire ndipo mapampu amafuna magetsi. Namondwe Ana atawononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka, minda ina ya kuchigwa inamira, kenako Freddy anabweranso mu Malichi 2023. Zotsatira za zinthu ngati izi sizioneka mwezi womwewo, zimadzaoneka pa kudula kwa nyengo yotsatira, matani a nzimbe pa hekitala akatsika. Feteleza ndi zipangizo za fakitale nazo zimagulidwa ndi madola, ndipo ngati kampani ili ndi ngongole za madola kwa ogulitsa akunja zomwe ikulephera kulipira chifukwa cha kusowa kwa ndalama zakunja, kwacha ikagwa ngongoleyo imafufuma usiku umodzi. Kugwa kwa kwacha komwe kumakweza mtengo wa paketi ndi komwenso kumaluma mbali inayi.

Nde pa Illovo ndinawauza kuti kampaniyo ndi yeniyeni, imagulitsa katundu yemwe nyumba iliyonse imagula ndipo imaperekako dividendi, koma asagule chifukwa cha masenti 28 a ku New York, komanso asawerengere kuti phindu la 2023 libwerezanso. Chaka chothera Ogasiti 2024 phindu linatsika kufika cha m'ma K22 biliyoni, pansi pa theka la chaka chapitacho, pomwe paketi ya shuga mu golosale inali yodula kuposa kale ndipo nthawi zina imasowa kumene. Ogula amaona ngati kampani ikukolola ndalama, mabuku amaonetsa zina.

Chodabwitsa kwa amene anazolowera misika ya kunja nchakuti sheya sinagwe ngati mmene ya mgodi ikanagwera pa uthenga wotere, inatha 2024 cha m'ma K1,355, pamwamba pang'ono pa pomwe inayambira. Chifukwa chake ndi mmene msika wathu ulili. 76 peresenti ya Illovo ya kuno ili m'manja mwa kampani yaikulu ya Illovo yomwe mwini wake ndi Associated British Foods, ndipo zotsalazo zambiri zili ndi makampani a penshoni ndi inshuwaransi omwe sagulitsa wamba chifukwa alibe malo ambiri koika makwacha awo. Masheya oyenda pa msika ndi ochepa, mtengo ukhoza kukhala malo amodzi masiku angapo, nde sutsika msanga komanso mukafuna kugulitsa ambiri nthawi imodzi mukhoza kudikira wogula. Ndipo kukwera kwa pafupifupi 8 peresenti m'chaka chomwe mitengo ya zinthu imakwera cha m'ma 30 peresenti ndi kutsika ndithu, kungoti sikulembedwa ndi inki yofiira pa pepala la buloka. Amene anagula pa K1,260 kumayambiriro kwa 2024 pomatha chaka ndalama yake imagula zinthu zochepa kuposa pomwe amalowa, olo mutaphatikiza dividendi.